Mizere itatu yomwe inasiya mayi mumdima masiku 11 oonjezera

Ndimagwira ntchito ku ofesi ina yogulitsa masola pangongole pa boma la Thyolo. Munthu amatenga sola, nkumalipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Akalipira timamutumizira tokeni, amailemba pa kabokosi, nyali nkuyaka. Odandaula amaimba ku Blantyre. Foni imajambulidwa, wina amataipa zonse zomwe zayankhulidwa, kenako zolembazo zimabwera kwa ine ngati kasitomalayo ndi wa dera lathu. Ntchito yanga ndi kuwerenga ndi kulemba chidule cholowa m'failo yake: wadandaula chiyani, tamulonjeza chiyani, chichitike ndi chiyani tsopano.

A zandalama sawerenga masamba anayi a zokambirana, ngakhalenso amisiri kapena bwana. Onse amawerenga chidule changa basi. Chomwe ndasiya, kwa iwo sichinanenedwe. Zimenezi ndinkazidziwa kale, koma zinandilowa mumtima Lachiwiri pa 24 Juni.

## Mayi a kope la sukulu

Kunali chiperoni tsiku limenelo, minda ya tiyi yosaoneka nkomwe. Cha m'ma 10 koloko kunalowa mayi ena achikulire, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, nsapato zili matope okhaokha. Anachokera cha ku Thekerani. Anati anyamuka kusanache, njinga yamoto kukafika pamsewu, kenako minibasi. Anakhala pa benchi, kupereka moni bwinobwino, osakweza mawu.

Ndinatsegula failo yawo pa kompyuta ndipo ndinapeza chidule changa cha pa 11 Juni:

"Kasitomala analipira K12,000 ku akaunti yolakwika. Wauzidwa kuti atumize nambala ya malipiro. Tikudikira kasitomala."

Ndinawauza mwaulemu kuti, "Amayi, ifetu tikudikira inuyo. Mutipatse nambala ya malipiro ija."

Sananditsutse. Anamasula mpango, kutulutsa kope la sukulu lopindika m'makona, nkutsegula tsamba lakumapeto. Mdzukulu wawo, yemwe ankakonzekera mayeso a Fomu 4, anali atalemba ndi bolopeni zonse zomwe anauzidwa pa foni paja. Mzere woyamba unali nambala ya malipiro ija, pambali pake "aiona". Wachiwiri, "tokeni mkuja". Wachitatu, "masiku 9 aulere". Wachinayi, "amisiri abwera, batire".

"Mwana wanga," anatero, "nambalayo tinawerenga kawiri, ndipo mtsikana wa pa foniyo anati aiona. Nanga tikanatumiza itinso?"

Ndinapempha kuti andidikire, ndinatsegula zolemba zonse, ndipo ulendo uno ndinawerenga mpaka kumapeto. Foni ija inatenga mphindi 14. Pa 11 Juni paja ine ndinawerenga tsamba loyamba, ndinaona kuti ndi nkhani ya akaunti yolakwika yomwe timakumana nayo kawirikawiri, ndinalemba mizere itatu nkupita pa ina. Zonse za m'kope lija zinali pa tsamba lachitatu ndi lachinayi. Mwana wa sukulu uja analemba chidule cholondola, ndipo cha ine cha m'failo chinali cholakwika.

## Zomwe zinachitika pa foni paja

Analipira Lolemba pa 2 Juni kwa ejenti wa pa msika wa kwawo. K12,000 ndi ya masiku 30, kutanthauza K400 pa tsiku. Ejenti polemba akaunti anasemphanitsa manambala awiri, ndalama nkugwera mu akaunti ya munthu wina. Tokeni sinabwere. Iwo anadikira, poganiza kuti ndi netiweki.

Pa mphindi yachitatu kalaliki wa ku Blantyre anawauzadi kuti pakufunika nambala ya malipiro, yomwe inali mu foni ya ejenti. Apa mpomwe ine ndinalekezera kuwerenga. Koma mayiwo anati, "Musadule, mwana athamangire," ndipo pa mphindi yachisanu ndi chitatu mdzukulu anawerenga nambalayo. Wotaipa analemba theka lake, kwinako nkuika kuti sizikumveka. Mzere wotsatira kalaliki akuti, "Ndaiona, amayi, ndalama yanu ilipo."

Kalaliki alibe mphamvu yosuntha ndalama. Amasuntha ndi a zandalama, ndipo iwo amayamba ntchito akaona chidule chonena kuti malipiro atsimikizika. Changa chinati "tikudikira kasitomala", ndiye failo inaikidwa pa mulu wa zodikira, womwe palibe amaukhudza mpaka mwiniwake atabwera yekha. Mayiwo amadikira ife, ife tikudikira iwo. Kuchokera pa 2 mpaka pa 24 Juni nyumba ili mumdima, mwana akuwerengera kandulo.

## Dandaulo silimathera pa chiganizo choyamba

Anthu akwathu safikira pa mfundo. Amayamba ndi moni, kenako chomwe chawawawa lero, ndipo china chachikulu amachinena foni ili pafupi kutha, ndi mawu oti "komanso paja". Mayiwa anachinena pa mphindi ya 11: kuyambira mwezi wa Epulo batire imatha cha m'ma 8 koloko usiku, ngakhale dzuwa litawala tsiku lonse. Ili ndi dandaulo lachiwiri, losakhudzana ndi ndalama, ndipo limapita kwa anthu ena. Tikanangotumiza tokeni, nyali ikanayaka maola awiri nkuzima, iwo nkuimbanso, ife nkutsegula failo yatsopano ngati nkhani yachilendo.

Tsopano ndimawerenga kawiri. Ulendo woyamba sindilemba kanthu, ndimangofuna kumva nkhani yonse. Ulendo wachiwiri ndimachonga paliponse pomwe kasitomala wanena chosayenda bwino, ndipo ndimawerenga kuti madandaulo alipo angati. Aliwonse amalowa pa mzere wake.

Polemba ndimalekanitsa zomwe munthu wanena ndi zomwe ife taona. "Akuti batire imatha 8 koloko kuyambira Epulo" ndi mawu ake, sitinayeze. "Malipiro a K12,000 a pa 2 Juni apezeka mu akaunti ina" ndi zomwe taona m'makina athu. Kamawu koti "akuti" sikonyoza kasitomala. Kamauza mmisiri kuti apite ndi choyezera, asapite ndi batire yatsopano m'manja, chifukwa mwina vuto ndi panelo yodzaza fumbi kapena mthunzi wa nthochi. Koma chomwe tatsimikiza ndisachilembenso ndi "akuti", chifukwa a zandalama akaona mawuwo amayambiranso kufufuza.

Ndipo ndimalemba chomwe munthuyo akufuna. Si onse amafuna zofanana. Wina amafuna ndalama yake ibwerere, wina amafuna tokeni. Mayiwa ananena poyera kuti ndalama asabwezeredwe, akufuna nyali.

## Lonjezo lili mu mneni

Gawo lomwe limandivutabe mpaka lero ndi la malonjezo, ndipo mpamene ndimathera nthawi yambiri. M'Chichewa chathu kusiyana kwa lonjezo ndi mawu ongotonthoza kumakhala mu timawu tating'ono. "Titumiza" ndi lonjezo la posachedwa. "Tidzatumiza" ndi lonjezobe, koma lopanda tsiku. "Tingatumize" si lonjezo. "Tiyesetsa" ndi "tiona" ndi mawu omwe kalaliki amanena akafuna kutseka foni mwamtendere. Ndikalemba zonsezi ndi mawu amodzi oti "walonjezedwa" kapena "wauzidwa", ndafufuta chinthu chomwe bwana akufunika kuti agamule.

Pa foni ya mayiwa panali zinthu zitatu, ndipo chilichonse ndi mtundu wake.

Choyamba kalaliki anati, "Ndalamayo tiisuntha, tokeni muilandira mkuja." Ili ndi lonjezo lathunthu, lili ndi chochita komanso tsiku. Koma mawu oti "mkuja" sangalowe m'failo momwemo. Woiwerenga Lolemba lotsatira adzaona ngati ndi Lachitatu lake. Foni inali ya Lachitatu pa 11, ndiye mkuja ndi Lachisanu pa 13 Juni, ndipo ndimalemba tsiku ndi deti pamodzi. "Mawa", "dzana", "sabata ya mawa", "kumapeto kwa mwezi", zonsezi ndimazisandutsa deti powerengera tsiku la foni, osati tsiku lomwe ine ndikulemba, chifukwa zolemba zimatha kundipeza patapita masiku awiri.

Chachiwiri anati, "Masiku naini mwakhala mumdimawo tikupatsani aulere." Ku ofesi kwathu kalaliki amaloledwa kupereka masiku atatu okha. Kupitirira apo mpaka bwana avomereze. Ndiye ili ndi lonjezo lomwe wolonjezayo analibe mphamvu yake. Pali mayesero apa, ndipo ndaona anzanga akugwamo ndi mtima wabwino: kulisiya kuti mnzako asakalipiridwe, kapena kulikonza nkulemba "masiku atatu". Ine ndimakana zonse ziwiri. Kasitomala anamva naini, mdzukulu analemba naini, foni inajambula naini. Kulibisa sikulichotsa, kumangochititsa kuti bwana alimvere kwa munthu wokwiya pa kauntala m'malo molimvera kwa ine, nthawi yokonza ikadalipo. Ndimalilemba m'mawu ake enieni, ndi mphindi yomwe linanenedwa, nkuonjezera kuti likuposa malire ndipo likufuna chigamulo. Ndimaikanso mtengo wake, chifukwa bwana amagamula msanga akaona ndalama: masiku 9 pa K400 ndi K3,600. Ndalama yomwe mayiwo anawononga pa ulendo wobwera ndi wobwerera inaposa pamenepo.

Chachitatu anati, "Amisiri athu akamadutsa kumeneko angakuonereni batireyo." Mukaliyang'ana bwino, si lonjezo. Mulibe tsiku, mulibe munthu, ndipo mneni wake ndi "angakuonereni". Koma m'kope munalembedwa "amisiri abwera". Ndikuona kuti mwanayo sanalakwitse. Munthu wa kumudzi akauzidwa ndi a ku ofesi kuti amisiri angadutse, amasesa pabwalo. Tsopano pa mawu otere ndimalemba zinthu ziwiri: chomwe chinanenedwa, ndi chomwe kasitomala anaoneka kuti wamva. Umboni umakhala pa yankho lake. Mayiwo anayankha kuti, "Ndiwadikira ndithu," ndipo kalaliki sanawakonze. Pamenepo tili ndi ngongole, kaya tinaifuna kapena ayi.

Chinanso, "chabwino" ndi "ayi, zikomo" si kuvomereza. Amayi athu amatero ngakhale mtima usanatsike. Ndinasiya kulemba kuti "kasitomala wakhutira" pokhapokha atanena yekha kuti nkhani yatha.

## Pomwe pepala silikwanira

Zolemba zotaipa zimalakwika, makamaka pa manambala. Ife ndalama timazitchula m'Chingerezi, ndipo pa foni ya netiweki yodukaduka fifitini ndi fifite zimamveka chimodzimodzi. Choncho nambala iliyonse yomwe ikulowa m'chidule ndimaifananitsa ndi zomwe zili mu akaunti, ndipo ngati sizikugwirizana, kapena wotaipa waika kuti sizikumveka, ndimavala zomvera m'makutu nkumvetsera mphindi imeneyo yokha. Sindiganizira. Nambala ya malipiro ya mayiwa inamveka bwinobwino ulendo wachiwiri womwe mdzukulu anaiwerenga. Zinanditengera mphindi ziwiri.

Kumvetserako kunandionetsanso china chomwe wotaipa anachilemba ngati nkhani wamba. Kumayambiriro mayiwo anati, "Ndikuimbira pa foni ya aneba, yanga yathima." Foni yawo amatchajira pa sola yomweyo. Tokeni timaitumiza pa nambala ya mwini akaunti. Ndiye ngakhale a zandalama akanagwira ntchito yawo pa 13 Juni, uthenga ukanapita mu foni yothima. Kuyambira pamenepo chidule changa chilichonse chimanena njira yomupezera munthuyo lero lino.

Koma si zonse zolowa m'failo. Pa foni paja mayiwo anafotokozanso za matenda a pakhomo pawo. Zimenezo sindinalembe, ndipo pano sindizilembanso. Failo imatsegulidwa ndi anthu ambiri, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Ndimadzifunsa ngati chinthucho chingasinthe zomwe ofesi ichite. Za mwana wolemba mayeso ndinaikamo, chifukwa zikusonyeza changu. Nambala ya aneba ndinaiika nditawafunsa mayiwo ngati eniake akudziwa.

## Chidule chachiwiri

Ndinachilemba mayiwo ali pa benchi pomwepo. Choyamba chija sindinachifufute. Ndinangoikapo kuti chinali cholakwika ndipo chakonzedwa pa 24 Juni, chifukwa wina akadzafunsa kuti masiku onsewa anathera kuti, yankho lizipezeka m'failo momwemo. Chatsopanocho chinali chotere, kupatula manambala a anthu:

Foni ya Lachitatu pa 11 Juni, mphindi 14. Anaimba ndi mwini akaunti, pa foni ya aneba. Yake yathima. Tiziwapeza pa ya anebayo, avomera.

Dandaulo 1: K12,000 ya pa 2 Juni inalowa mu akaunti ina, ejenti anasemphanitsa manambala awiri. Nambala ya malipiro inaperekedwa pa mphindi 8 ndipo kalaliki anaitsimikiza. Palibe chomwe tikudikira kwa kasitomala. Akufuna tokeni, osati kubwezeredwa ndalama. Pakhomo pali wolemba mayeso.

Dandaulo 2: Akuti batire imatha cha m'ma 8 koloko usiku kuyambira Epulo. Sitinayeze.

Lonjezo 1: tokeni pofika Lachisanu pa 13 Juni. Silinakwaniritsidwe.

Lonjezo 2, mphindi 9: "Masiku naini mwakhala mumdimawo tikupatsani aulere." K3,600. Likuposa malire a masiku atatu, likufuna bwana.

Mawu a mphindi 12: amisiri "angakuonereni" batire, popanda tsiku. Kasitomala anamva kuti abwera, ndipo sanakonzedwe.

Zochita: a zandalama asunthe ndalama ndi kutulutsa tokeni lero pa 24 Juni. Bwana wa ofesi ya Thyolo agamule za masiku 9 lero, komanso za masiku 11 oonjezera, kuchokera pa 13 mpaka pa 24 Juni, omwe vuto lake ndi lathu. Mkulu wa amisiri apereke tsiku lenileni pofika Lachinayi pa 26 Juni. Ine ndiimbire kasitomala Lachisanu pa 27 Juni kumuuza tsikulo.

Ndi lalitali kuposa loyamba lija, komabe limakwana pa theka la tsamba. Taonani gawo la zochita. Kale ndinkakonda kulemba "nkhani itsatidwe" kapena "aimbiridwe". Mawu otere alibe mwini, ndipo ntchito yopanda mwini aliyense amaganiza kuti ndi ya mnzake. Tsopano mzere uliwonse umatchula wochita m'modzi, chochita chimodzi, ndi deti. Ngati sindingathe kutchula wochita, ndiye kuti chochita choyamba ndi changa, kukafunsa kuti ndi ndani. Ndipo mzere womaliza nthawi zonse umanena yemwe abwerere kwa kasitomala, chifukwa ofesi ikhoza kukonza zonse munthu osadziwa kuti zakonzedwa.

Mawu oti "tikudikira kasitomala" ndimawalembabe, chifukwa nthawi zina ndi zoona. Koma ndisanawalembe ndimafufuza mzere womwe anauzidwa chomwe abweretse, ndi mzere womwe iye anasonyeza kuti wamva, ndipo ndimaonetsetsa kuti sanachipereke kale m'munsimo. Ndimaikanso tsiku lomwe ife timuimbire akakhala chete.

## Ndisanatseke failo

Mayiwo asananyamuke ndinawawerengera chidulecho mokweza, iwo akutsatira ndi chala m'kope. Anandikonza pa mfundo imodzi. Anati batire sikuti imatha 8 koloko masiku onse, koma masiku omwe atchaja mafoni awiri masana. Ndinaonjezera, ndipo mkulu wa amisiri atawerenga anati kamzere kameneko kamuthandiza kudziwa zoyeza.

Tokeni inatuluka itangokwana 12 koloko. Popeza foni yawo inali yothima, ndinailemba ndekha m'kope muja, pansi pa mizere ya mdzukulu, manambala akuluakulu, nkuwawerengera kawiri. Bwana anavomereza masiku 9 pomwepo atangomva mphindi ija ndi makutu awo. Za masiku 11 anazitumiza ku Blantyre, ndipo yankho linatenga sabata ziwiri, koma linabwera.

Lachisanu pa 27 ndinaimba pa foni ya aneba. Anayankha ndi mwana, ndinamva akuthamanga nayo, nkhuku zikulira. Mayiwo atailandira ndinawauza kuti amisiri abwera Lachiwiri pa 1 Julayi, m'mawa, pa njinga yamoto. Anandiuza kuti ndibwereze pang'onopang'ono, mdzukulu akutenga bolopeni.